Mmene Mungalembere Mawu a Kanema Wounika Katundu Amene Mwalipiridwa: Chitsanzo cha Pawabanki

Makanema ambiri ounika katundu amalakwika pamalo awiri omweomwewo. Poyamba, wolankhula amadikira mpaka kumapeto n'kunena mothamanga kuti "tithokoze a shopu yakutiyakuti", pamene oonera ambiri achoka kale. Kachiwiri, amawerenga zolembedwa pa katoni ngati kuti waziona ndi maso ake. Nthawi zambiri munthuyo sanafune kunama. Anangoyatsa kamera asanalembe zokanena, ndiye pakamwa panatuluka mawu amene wogulitsa anamutumizira pa WhatsApp.

Malangizo awa ndi a ntchito ya papepala, imene imachitika kamera isanayake. Titsata chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti shopu ina ya zamagetsi ku Limbe yakupatsani pawabanki yolembedwa 20,000 mAh, nambala yosonyeza kukula kwa batire lake, yati ikhale yanu. Ikulipiraninso K150,000, ndipo aliyense wogula atatchula dzina lanu, inu mudzapezapo komishoni. Mwini shopu watumiza mfundo zoti munene: imatchaja foni kasanu, imatchaja mwachangu kuposa zonse za m'tauni, ndi yeniyeni, sifa msanga. Foni yanu ili ndi batire la 5,000 mAh, ndipo kanemayo akhala wa mphindi zitatu kapena zinayi.

Zofunika kukhala nazo

- Kope ndi cholembera, kapena pepala la mufoni logawidwa mizati iwiri: wina wa zolankhula, wina wa zooneka pa sikirini
- Mauthenga onse amene mwalemberana ndi wogulitsa
- Katundu mwiniwake, katoni yake ndi kapepala ka malangizo
- Foni imene mukudziwa kukula kwa batire lake, chingwe chabwino ndi tchaja ya pakhoma
- Wotchi
- Kamita koyezera magetsi kolowetsa pa USB, ngati kalipo. Ngati kulibe, foni yokhayo ikwanira
- Munthu mmodzi amene sanamvepo za mgwirizano wanu, woti adzamvere mawuwo komalizira

1. Lembani zonse zimene mwalandira

Pamwamba pa pepala lembani mzere umodzi pa chinthu chilichonse chimene chadutsa kuchoka kwa wogulitsa kubwera kwa inu. M'chitsanzo chathu zilipo zitatu: pawabanki yaulere, K150,000, komishoni. Ngati anakulipirirani thiransipoti kapena bandulo, lembaninso. Ngati mwini shopu ndi malume anu, kapena mumagwira ganyu pashopupo Loweruka, umenewonso ndi mzere wake.

Funso lothandiza ndi ili: woonera atadziwa chimenechi, kodi angasinthe mmene akukhulupirira mawu anga? Ngati yankho ndi "mwina", chilowe pa mndandanda.

Chenjezo: apa ndi pamene ambiri amadzikhululukira. Amati, "Sanandipatse ndalama, angondipatsa katundu." Katundu waulere ndi malipiro. Ngakhale kuchotseredwa mtengo kumene anthu ena sachotseredwa ndi malipiro. Katundu wobwereka amene mudzabweza nayenso atchulidwe, kungoti mudzanene momwe zilili, kuti wabwerekedwa.

2. Mangani mfundo ndi wogulitsa musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi

Mkangano woti "chotsani pamene mwanena zoipapo" umabwera kanema atajambulidwa, ndalama mwadya kale, ndipo pamenepo mphamvu mulibe. Choncho kambiranani poyamba, ndipo zikhale zolembedwa. Uthenga wake ungakhale wotere:

"Bwana, ndalandira pawabanki ija, zikomo. Ndisanayambe ndimafuna tigwirizane zitatu. Kumayambiriro kwa kanema ndidzanena kuti mwandilipira komanso mwandipatsa katunduyu. Ndiiyesa kaye, ndipo manambala amene ndidzatchule ndi amene ndapeza ineyo. Mawu ndikutumizirani muwaone ndisanajambule. Mukapeza kuti ndalakwitsa mtengo, dzina kapena malo a shopu, ndikonza, koma zotsatira za kuyesa zikhala momwemo. Ngati zili bwino ndiyankheni kuti ndiyambepo."

Mufunseninso umboni wa mfundo zake. Akuti ndi yeniyeni: anaigula kwa ndani, ndipo pa katoni pali nambala yotsimikizira kwa wopanga? Akuti sifa msanga: walanti ndi ya miyezi ingati, ndipo amalemba pa lisiti kapena ndi yapakamwa? Mayankho ake mudzawafuna pa sitepe 4.

Chenjezo: wogulitsa akakana kuti muulule za malipiro, musapitirire. Akukupemphani kuti mubise chinthu kwa anthu amene amakukhulupirirani, ndipo zikadzaululika dzina lodzaipa ndi lanu, chifukwa nkhope ya pakanemayo ndi yanu.

3. Yesani katundu, ndipo lembani mmene mwayesera

Kutsutsa galu n'kukumba. Mfundo ya "imatchaja foni kasanu" siitsutsika kapena kuvomerezeka ndi maganizo, imafuna kuyesa. Koma musanalowetse chingwe, masamu ochepa akuuzani zoyembekezera.

Nambala ya 20,000 mAh imene ili pa katoni ndi ya mabatire a mkati mwa pawabanki, amene amagwira pa mavoti pafupifupi 3.7. Mphamvu yonse imene asunga imayezedwa mu Wh, kutanthauza mawati kuchulukitsa ndi maola, ndipo imawerengedwa motere:

```
20,000 mAh x 3.7 V / 1,000 = 74 Wh
5,000 mAh x 3.85 V / 1,000 = 19 Wh
```

Mzere wachiwiriwo ndi batire la foni yanu. Mukagawa 74 ndi 19 mupeza 3.9. Ndiye kuti ngakhale pakanapanda kutayika kalikonse, kasanu sikakanatheka. Komatu mphamvu imatayika ndithu. Pawabanki imakweza magetsi kuchoka pa 3.7 kufika pa mavoti 5 kapena kuposa kuti adutse m'chingwe, kenako foni imawatsitsanso kuti alowe m'batire lake. Paliponse pamene magetsi akusinthidwa, ena amasanduka kutentha, n'chifukwa chake zipangizo zonse ziwiri zimafunda m'manja. Pawabanki yabwinobwino ya kukula kumeneku imadzaza foni yotereyi kawiri ndi theka kapena katatu. Opanga ambiri amavomereza zimenezi m'zilembo zing'onozing'ono kumbuyo kwa katunduyo, pamene palembedwa Rated capacity, ndipo nambala yake imakhala yotsika kwambiri kuposa ya kutsogolo. Iyang'aneni, ndipo muijambule.

Kuyesa kwake kuyende chonchi. Dzazani pawabanki mpaka isonyeze kuti yakwana. Gwiritsani foni mpaka itsike pa 10%. Ilumikizeni, muisiye osaigwira, mulembe nthawi yoyambira ndi yofikira 100%. Foni ikatsikanso pa 10%, bwerezani, osatchajanso pawabankiyo pakati, mpaka ithe yokha. Foni ndi chingwe zikhale zomwezo ulendo uliwonse.

Tiyerekeze kuti mwapeza izi: ulendo woyamba 10% kufika 100%, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu yathera pa 85%. Kuphatikiza 90, 90 ndi 75 kukupatsani 255, kutanthauza kawiri ndi theka. Lembaninso maola amene pawabankiyo yatenga kuti idzaze yokha pakhoma, komanso tchaja imene mwagwiritsa. Ndi tchaja wamba ya mawati 10, mphamvu ya 74 Wh singalowe m'maola ochepera asanu ndi awiri, ndipo kawirikawiri imatenga oposa pamenepo. Kwa munthu amene kwawo magetsi amathimathima, nambala imeneyi ndi yofunika ngati ya kutchaja foni ija, chifukwa akufuna kudziwa ngati idzadzaza magetsi asanapitenso.

Chenjezo: musayese mukuonera makanema pafoniyo, chifukwa mphamvu ina ipita ku sikirini ndipo mudzainamizira pawabankiyo. Musayesenso ndi foni yakale ya batire lotopa. Batire lotopa limadzaza msanga poti silisunganso zambiri, ndiye pawabanki ioneka yamphamvu kuposa mmene ilili.

Ulendo uliwonse jambulani sikirini ya foni poyamba ndi pomaliza. Zithunzizo zidzalowa m'kanema, ndipo wina akadzatsutsa mudzakhala ndi chomuonetsa.

4. Chiganizo chilichonse chikhale ndi mwiniwake

Sitepe iyi ndiyo imasiyanitsa kuunika ndi kulengeza malonda chabe. Tengani mfundo iliyonse imene mukufuna kunena, muilembe pamzere wake, ndipo kumayambiriro kwa mzere muike chilembo chimodzi mwa zinayi izi. O ndi chimene mwaona kapena kuyeza nokha. W ndi chimene wanena wopanga kapena wogulitsa. M ndi maganizo anu. S ndi chimene simunayese. Chilembo chilichonse chili ndi kalankhulidwe kake, ndipo woonera ayenera kumva kusiyanako ndi khutu.

Mzere wa O umatchula nambala ndi mmene inapezekera: "Pa foni yanga ya batire la 5,000 mAh, yatchaja kawiri ndi theka." Mzere wa W umatchula mwini mawu: "Pa katoni alemba kuti imatulutsa mawati 22.5." Mzere wa M umayamba ndi inu: "Kwa ine ndi yolemera, sindingayende nayo m'thumba la thalauza." Mzere wa S umavomereza poyera: "Kuti ikhala zaka zingati, sindinganene, ndakhala nayo masiku ochepa."

Tsopano tiyeni tidutse mfundo zinayi za mwini shopu zija.

"Imatchaja foni kasanu." Mwayesa, sizinatheke, ndipo masamu akukana. Ichoke, m'malo mwake mulowe nambala yanu. Musaipulumutse poisandutsa W n'kunena kuti "a shopu akuti imatchaja kasanu". Kubwereza chinthu chimene mukudziwa kuti si choona, ngakhale mutatchula mwini wake, n'kusocheretsabe anthu. Ngati mukufuna kuitchula, muitchule pamodzi ndi zimene mwapeza. Kasanu kangatheke pa kafoni ka batire laling'ono kwambiri, koma ngati simunayese pa foni yotero, musalonjeze.

"Yachangu kuposa zonse za m'tauni." Simunayese zonse za m'tauni, ndipo mwini shopu nayenso sanayese. Ichoke yonse. Chimene munganene ndi mphindi zimene foni yanu yatenga. Muwonjezere kuti liwiro lolembedwa pa katoni limafika pokhapokha foni ndi chingwe zikugwirizana ndi katchajidwe kachangu ka pawabankiyo. Foni ina idzatchaja pang'onopang'ono ngati pa tchaja wamba, ndipo mwini wake asadzadabwe.

"Ndi yeniyeni." Ngati pa katoni pali nambala yotsimikizira ndipo mwailowetsa pa tsamba la wopanga n'kuvomera, imeneyo ndi O, nenani zimene mwachita. Ngati palibe, ndi W: "A shopu akuti amaoda kwa wogulitsa wovomerezeka." Kulemera kwa katundu kapena kukongola kwa katoni si umboni.

"Sifa msanga." Iyi ndi S. Chimene mungapereke m'malo mwake ndi walanti, ngati alipo wolembedwa: "Akupereka walanti ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndaona kuti amalemba pa lisiti. Lisitilo mulisunge."

Chenjezo: samalani ndi mawu oti "ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse" ndi "sindisiyana nayo". Akumveka ngati kucheza, koma ndi mfundo ya O. Ngati katunduyo anafika sabata yatha, nenani kuti anafika sabata yatha.

5. Lembani mawu oulula

Mawu oulula ayankhe mafunso atatu: ndani wapereka, wapereka chiyani, ndipo woonera akagula inu mupindula kapena ayi. Akhale afupiafupi, a m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku:

"Ndisanapite patali, dziwani kuti kanema uyu ndi wolipiridwa. A shopu yakutiyakuti andipatsa ndalama komanso pawabankiyi ulere, ndipo mukagula mutatchula dzina langa ndipezapo komishoni. Manambala amene mumve ndayesa ndekha."

Simukuyenera kutchula kuchuluka kwa ndalama. Chofunika n'chakuti mawu oti "andilipira" amveke. Mawu ngati "mothandizidwa ndi", "tikugwira ntchito limodzi ndi", "abale athu a ku shopu yakutiyakuti" kapena "zikomo kwa a bwana" ndi aulemu, koma sanena kuti ndalama zadutsa. Woonera angaganize kuti angokubwerekani malo ojambulira.

Chilankhulo nacho n'chofunika. Ngati kanema yense ndi wa m'Chichewa, kuulula kukhale m'Chichewa. Kuika #ad pakona n'kuganiza kuti mwamaliza sikuthandiza agogo amene akufuna kugulira mdzukulu wawo, chifukwa chizindikirocho sachidziwa. Bungwe la FTC, loona za malonda ku Amereka, linalemba zomwezi m'malangizo ake a 2019 opita kwa anthu otsatsa katundu pa intaneti: kuulula kukhale m'chilankhulo chomwe mukutsatsiramo, kukhale m'kanema mwenimweni osati m'mawu a pansi pokha, ndipo ndi bwino kumveke ndi khutu komanso kuoneke ndi maso. Malamulo a ku Amereka si a kuno, koma muyezo wakewo ndi wothandiza, ndipo makampani akunja akakulembani ntchito nthawi zambiri amafuna muutsate. Kuno ku Malawi kutsatsa malonda kosocheretsa ogula n'koletsedwa, ndipo madandaulo otere amapita ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Ku Zambia ntchito yomweyi ili m'manja mwa CCPC.

Chenjezo: chiganizo chomaliza chija, "ndayesa ndekha", chisakule n'kuphimba zoyambazo. Ena amanena za malipiro m'sekondi imodzi, kenako n'kutha masekondi khumi akulumbira kuti palibe amene angawagule. Kulumbirako kuchepe. Manambala anu ndi amene adzakuchitirani umboni.

6. Ikani chilichonse pamalo pake m'mizati iwiri

Kuulula kubwere musanayamikire chilichonse. Ine ndimaona kuti kuyenera kuyamba masekondi 15 oyamba asanathe, chifukwa munthu amene wangoona theka la mphindi n'kudutsa nayenso watengapo maganizo pa katunduyo. Mungathe kuyamba ndi funso lokopa, koma likhale funso, osati chiyamikiro. Nayi ndondomeko ya chitsanzo chathu.

Masekondi 0 mpaka 6. Zolankhula: "Pa katoni alemba 20,000 mAh. Kodi foni ingadzaze kangati? Ndayesa." Zooneka: pawabanki m'manja, katoni pambali.

Masekondi 6 mpaka 18. Zolankhula: mawu oulula a pa sitepe 5, nkhope yanu ikuoneka, nyimbo yotsitsidwa. Zooneka: zilembo zazikulu zoti KANEMA WOLIPIRIDWA NDI SHOPU YAKUTIYAKUTI, zoyera pa mzere wakuda, zikhale mpaka mutamaliza kulankhula. Muziike pamwamba kapena pakati, chifukwa pa TikTok m'munsi ndi kudzanja lamanja mumadzaza mabatani ndi mawu ena amene angaziphimbe.

Masekondi 18 mpaka 50. Zolankhula: zimene zili m'katoni, mabowo olumikizira, kulemera kwake. Apa mizere yambiri ndi W ndi M, choncho "alemba kuti" ndi "kwa ine" zimveke. Zooneka: kumbuyo kwa pawabanki, pafupi, pamene pali Rated capacity.

Kuchoka pamenepo mpaka mphindi ziwiri. Zolankhula: "Foni yanga ili ndi batire la 5,000 mAh. Ndimayamba pa 10%, osaigwira. Ulendo woyamba inafika 100, wachiwiri 100, wachitatu inathera pa 85. Ndiye kuti kawiri ndi theka. Mukamva wina akuti kasanu, pa foni ngati iyi ndi pawabanki ya 20,000 mAh sizingatheke, ndipo si vuto la pawabanki iyi yokha, ndi mmene zonse zimagwirira ntchito. Foni yanu ikakhala ya batire laling'ono idzadzaza kambiri kuposa apa." Zooneka: zithunzi za sikirini zija, chimodzichimodzi, ndi nambala yomaliza yolembedwa.

Onani mmene ndimeyi yachitira chilungamo mbali zonse ziwiri. Yachotsa bodza la kasanu, koma yauzanso woonera kuti kawiri ndi theka si manyazi. Wogulitsa wanzeru adzaona kuti wogula amene akuyembekezera kawiri ndi theka sadzabwerera ku shopu ndi mkwiyo.

Mphindi yachitatu ndi ya zofooka, mtengo ndi kumene angagule.

7. Lembani zofooka ndi mtengo mosazembazemba

Sankhani chofooka chenicheni, chimene chingapangitse munthu wina kusagula. Kunena kuti "vuto lake n'lakuti imapezeka yakuda yokha" n'kuzemba. M'chitsanzo chathu zofooka zenizeni ndi ziwiri: imatenga usiku wonse kuti idzaze ndi tchaja wamba, ndipo ndi yolemera. Kenako nenani woyenera kugula ndi wosayenera: "Ngati mumayenda ulendo wautali kapena kwanu magetsi amasowa tsiku lonse, ikuthandizani. Ngati mumangofuna yoti ikufikitseni madzulo mukaweruka, ya 10,000 mAh ikukwanirani, ndipo ndi yopepuka komanso yotsika mtengo."

Mtengo utchulidwe ndi tsiku lake, chifukwa mitengo imasintha koma kanema amakhalapobe: "Pamene ndikujambula, m'mwezi wakutiwakuti, ikugulitsidwa mwakuti." Ngati pali kuchotsera, funsani tsiku lenileni lothera, mulitchule. Musanene kuti "zatsala zochepa" ngati simunaone shelefu.

Pamene mukutchula dzina kapena nambala yoti ogula akanene ku shopu, bwerezani za komishoni m'chiganizo chomwecho: "Mukatchula dzina langa akuchotserani, ndipo ine ndipezapo kangachepe." Munthu amene walumpha n'kufika pamenepa sanamve za kumayambiriro zija, ndipo apa ndi pamene akuganiza zotulutsa ndalama.

8. Dinani mabatani a pa tsamba ndi kulemba mawu a pansi

Pa YouTube, pokweza kanema, pezani gawo la Paid promotion n'kuvomera kuti kanemayo ndi wolipiridwa. Oonera adzaona mawu oti Includes paid promotion kumayambiriro. Pa TikTok yatsani batani loulula zamalonda n'kusankha Branded content, ndipo kanema adzalembedwa Paid partnership. Musasankhe Your brand, imeneyo ndi ya munthu amene akutsatsa bizinesi yakeyake. Pa Facebook ndi Instagram palinso chizindikiro cha Paid partnership chimene chimatchula dzina la wolipira.

Mabataniwa ndi owonjezera, salowa m'malo mwa mawu anu. Amalemba m'Chingerezi, zilembo zake ndi zazing'ono, ndipo munthu akatsitsa kanemayo n'kumutumiza pa gulu la WhatsApp, chizindikirocho chimatsala. Chimene chimayenda ndi kanema ndi mawu a pakamwa panu ndi zilembo zimene mwamatira pachithunzi. Kuno kwathu, kumene makanema ambiri amazungulira potumizirana, chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira cholembera kuulula mkati mwa kanema.

M'mawu a pansi, kuulula kukhale mzere woyamba: "Kanema wolipiridwa: a shopu yakutiyakuti andilipira ndi kundipatsa katunduyu. Ndimapeza komishoni mukagula." Mzere wachiwiri ndi wachitatu nthawi zambiri imabisika mpaka munthu adine kuti aone zambiri. Mu 2016 bungwe la FTC linadzudzula kampani ya Warner Bros. pa nkhani yomweyi. Inalipira anthu otchuka a pa YouTube kuti ayamikire masewera ake a pakompyuta, ndipo kuulula kunkaikidwa m'mawu a pansi, pamene nthawi zambiri sipaoneka munthu asanadine Show More.

9. Werengerani munthu wina, kenako tumizani kwa wogulitsa

Muwerengereni mnzanu uja mawu onse mokweza, pa liwiro limene mudzalankhulire. Mukamaliza mufunseni mafunso awiri okha: "Wandilipira ndani?" ndi "Imatchaja foni kangati?" Akalephera loyamba, kuulula kwanu n'kofooka kapena kwathamanga. Akayankha lachiwiri ndi nambala yoposa imene munapeza, penapake pali chiganizo chimene chikulonjeza mopitirira. Chifufuzeni.

Kenako tumizani kwa wogulitsa monga munagwirizana. Akapempha kuti "kawiri ndi theka" ikhale "mpaka kanayi", kanani mwaulemu: "Bwana, mawu oti 'mpaka kanayi' anthu amva kanayi, ndipo ine sindinapeze zimenezo. Ngati mukuona kuti imene munandipatsayi ili ndi vuto, ndipatseni ina ndiyesenso, ndidzanena za zonse ziwiri." Akapempha kuti kuulula kupite kumapeto, mukumbutseni uthenga wa pa sitepe 2.

Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kudula tizidutswa popanda kuulula. Kanema wamkulu ali bwino, koma kachidutswa ka masekondi 30 kamene mwaika pa TikTok kapena pa sitetasi kayambira pakati. Kachidutswa kalikonse ndi kanema payekha. Polemba mawu, konzeranitu chiganizo chachifupi choti "wolipiridwa ndi shopu yakutiyakuti" chodzaika kumayambiriro kwa kalikonse. Mukamalankhula pompopompo, bwerezani kuulula pafupipafupi, chifukwa anthu amalowa nthawi zosiyanasiyana.

Kulola chithunzi kunama pamene pakamwa pakunena zoona. Mwafulumizitsa kanema kuti foni ioneke ikudzaza m'masekondi asanu, osalemba kuti mwafulumizitsa. Kapena pachithunzi chokopa cha kutsogolo mwalemba "KASANU?!" ndi zilembo zofiira, podziwa kuti ambiri adzangoona chithunzicho. Mzati wa zooneka uyesedwe ndi zilembo zinayi zija ngati mmene mwayesera wa zolankhula.

Kuyerekeza ndi katundu wa ena amene simunamugwire. Mukafuna kunena kuti iyi ikuposa ya kampani ina, muyese zonse ziwiri pa foni imodzi ndi chingwe chimodzi. Kupanda kutero, dzina la enawo lisatuluke.

Kuwerenga umboni wa makasitomala umene wogulitsa wakutumizirani. Simukuwadziwa anthuwo ndipo simungatsimikize kuti alipo. Usiyeni.

Kuiwala kuti mgwirizano ukupitirira. Patapita miyezi iwiri mwajambula kanema wa ulendo wa kumudzi, pawabanki ija ikuoneka ndipo mwaiyamikira. Munailandira ulere ndipo komishoni ikubwerabe, choncho chiganizo chimodzi choulula chikufunikanso.

Kusiya kanema momwemo zinthu zitasintha. Pawabanki ikayamba kutupa kapena kutentha modabwitsa patapita nthawi, lekani kuigwiritsa ntchito, chifukwa batire lotupa lingathe kuyaka. Lembani zimenezo pamzere woyamba wa mawu a pansi komanso mu ndemanga yokhomedwa pamwamba, muuze wogulitsa, ndipo ngati anthu akugulabe chifukwa cha kanemayo, jambulani wina wachidule wowadziwitsa.

Kutengera njira yomweyi ku mankhwala. Pa pawabanki, kuyesa kwanu ndi umboni. Pa tiyi wochepetsa thupi, mafuta oyeretsa khungu kapena chilichonse chimene akuti chimachiritsa shuga kapena kuthamanga kwa magazi, zimene zachitikira thupi lanu si umboni woti chimagwira ntchito, ndipo mawu oti "a shopu akuti" sakutetezani. Ku Malawi nkhani za mankhwala zili pansi pa bungwe la PMRA. Wogulitsa akakupatsani mfundo yokhudza matenda, mufunseni chilolezo cha bungwelo musanalembe mzere umenewo, ndipo akapanda kuonetsa, ntchitoyo ikaneni.